Dizaini Yopanda Msoko: Kupanga Pepala Lokutira Katundu ndi Nsalu ya Bizinesi ya Pakhomo

Kabuku aka ndi ka yani

Kabuku aka talembera mabanja amene amapanga katundu pakhomo, monga sopo, makandulo kapena zosokasoka, ndipo akufuna pepala lokutira kapena nsalu yokhala ndi dizaini yawoyawo. Masiku ano kuli mapulogalamu amene amajambula chithunzi mukawalembera mawu. Vuto limabwera pamene chithunzicho chabwerezedwa kambirimbiri kuti chidzaze pepala. Pamene zithunzi ziwiri zakumana pamaoneka mzere, tsamba loduka pakati, kapena mtundu wosiyana. Umenewu ndiwo msoko.

Mawu okha satseka msoko. Pulogalamuyo iyenera kutcheredwa kuti ijambule mobwereza, ndipo inuyo muyenera kuyesa chithunzicho musanapereke ndalama kwa osindikiza. Titsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: banja lopanga sopo wa chammwamba, limene likufuna pepala la masamba a chammwamba lokhala ndi dzina la bizinesi yawo.

Tailosi ndi lamulo lake

Dizaini yobwereza imachokera pa kachithunzi kamodzi ka mbali zinayi zofanana, kamene m'kabuku muno tizikatcha tailosi. Imayalidwa ngati matailosi a pansi m'nyumba, ina pambali pa inzake, ina pamwamba, ina pansi. Lamulo lake ndi limodzi. Chilichonse chimene chatulukira kumanja chiyenera kulowera kumanzere pa msinkhu womwewo, ndipo chimene chatulukira pamwamba chilowere pansi. Ngati theka la tsamba lili m'mphepete mwa kumanja, theka linalo likhale m'mphepete mwa kumanzere, kuti matailosi awiri akagundana tsambalo likhale lathunthu.

Choncho tailosi yabwino ikakhala payokha imaoneka ngati yolakwika, chifukwa masamba ake a m'mbali amakhala odukaduka. Musaitaye chifukwa cha zimenezo. Yofunika kuikayikira ndi ija yokongola payokha, ya masamba onse osonkhana pakati, m'mbali muli mbee. Imeneyo mukaiyala idzaonetsa tinjira topanda kanthu, todutsa pepala lonse chotsika ndi chopingasa.

Yambani ndi rula

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, yezani katundu wanu, chifukwa ndiye amene anganene kukula kwa tailosi. Sopo wa banja la m'chitsanzo chathu ndi wa masentimita 9 m'litali, 6 m'lifupi ndi 3 kuchindikala. Kuti pepala limuzungulire pafunika masentimita 18, kuwonjezerapo ena 2 opitirirana pomata, ndipo mbali inayo pafunika pafupifupi 15 kuti mupeze popinda. Ndiye kuti pepala la A4, la masentimita 21 ndi 29.7, mukalidula pakati likuta sopo awiri.

Wogula amaona nkhope ya sopo yokha, ya masentimita 9 ndi 6. Banjali likufuna kuti dzina lawo lizioneka lathunthu pa nkhopeyo ngakhale mwana amene akuthandiza kukuta ataika pepala mosalunjika kwenikweni. Kuwerengera kwake n'kophweka: kukula kwa tailosi kuphatikiza kukula kwa dzina kusapose nkhope ya katundu. Dzina lawo litenga masentimita 2 m'litali ndi sentimita imodzi chokwera. Tailosi ikakhala ya masentimita 5, chokwera tipeza 5 ndi 1, zomwe ndi 6, ndipo zakwana ndendende. Chopingasa tipeza 5 ndi 2, zomwe ndi 7, pansi pa 9. Akanasankha tailosi ya masentimita 10, sopo wina bwenzi akutuluka ndi masamba okhaokha, dzina litabisala kumsana.

Funso lachiwiri ndi lakuti kodi chithunzicho chidzatuluka chakuthwa? Zithunzi za pakompyuta zimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiseli, ndipo mapulogalamu ambiri amatulutsa chithunzi cha mapikiseli 1024 mbali zonse. Osindikiza mapepala nthawi zambiri amafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndiye tailosi ya 1024 ingafike masentimita 8.7 isanayambe kuoneka mwachimbuuzi. Masentimita 5 a banja lathu ali mkati mwa malire amenewa.

Kusankha pulogalamu

Funani pulogalamu imene ili ndi njira yakeyake yojambulira mobwereza. Mu Midjourney, imene ndi yolipira, mumalemba `--tile` kumapeto kwa mawu anu. Mu Stable Diffusion, mukamagwiritsa ntchito AUTOMATIC1111, pali pochonga polembedwa `Tiling`. Mapulogalamu ena ali ndi batani la dzina lofanana nalo, ndipo malo ake amasinthasintha, choncho lifufuzeni m'zosankha za pulogalamuyo.

Chimene batanili limachita n'choyenera kuchimvetsa. Mwachizolowezi, pulogalamu ikafika m'mphepete mwa chithunzi imatenga kuti dziko lathera pomwepo, ndipo mphepete ya kumanja sidziwa zimene zikuchitika kumanzere. Mu Stable Diffusion mukachonga `Tiling`, mphepete ya kumanja imawerengedwa kuti yagundana ndi ya kumanzere, ya pamwamba ndi ya pansi, kuyambira pamene kujambula kwayamba mpaka pamene kwatha. Masamba odutsa malire amajambulidwa ngati tsamba limodzi.

Pulogalamu yopanda batani lotere mukailembera kuti `seamless pattern`, imajambula chithunzi chooneka ngati nsalu ya maluwa, koma palibe chimene chikuikakamiza kuti mphepete zigwirizane. Nthawi zina zimayandikira, nthawi zambiri zimaphonyana. Mungathe kuigwiritsabe ntchito, koma konzekani kusoka msokowo pamanja, monga tifotokozere kutsogoloku.

Kulemba malangizo

Mapulogalamuwa amamva bwino Chingerezi kusiyana ndi Chichewa, choncho malangizo timawalemba m'Chingerezi. Wongoyamba kumene amakonda kulemba mwachidule motere:

```
beautiful moringa leaves pattern for soap wrapping paper
```

Malangizo amenewa ali ndi misampha iwiri. Mawu akuti `wrapping paper` ndi `soap` amachititsa pulogalamu kujambula sopo wokutidwa ali patebulo, kapena pepala lamakwinya lokhala ndi mithunzi, pamene inu mukufuna dizaini yokhayo. Komanso sananene chilichonse za kuwala, ndiye pulogalamu iika kuwala kwa wojambula ndi kamera, pakati powala m'makona muli mdima. Choncho musatchule chinthu chimene dizainiyo idzasindikizidwepo. Fotokozani dizaini yeniyeniyo. Banja lathu lilembe motere:

```
seamless repeating pattern, small moringa leaf sprigs,
tossed layout, evenly spaced, all similar size,
flat vector style, three colors: dark green, light green, cream,
solid cream background --tile --ar 1:1
--no text, shadow, gradient, border, vignette
```

Mzere woyamba ukutchula chojambulidwa, timphukira ta masamba a chammwamba, ndipo mawu akuti `small` akupempha kuti tikhale ting'onoting'ono kuti tikwane tingapo m'tailosi imodzi. Ngakhale dzina la bizinesi lanu lili ndi nkhani yaitali, sankhani chinthu chimodzi kapena ziwiri basi. Mukalemba masamba, maluwa, mbalame, dengu ndi dzuwa, chimodzi mwa izo chidzatuluka chachikulu kuposa zinzake, ndipo diso lidzachigwira paliponse pamene chabwerezedwa.

Mzere wachiwiri ukunena kayalidwe. `tossed layout` ndi mawu a anthu opanga madizaini a nsalu, otanthauza kuti tizithunzi timwazikane, tina tiloze kumwamba, tina pansi, tina cham'mbali. Pa pepala lokutira zimenezi n'zothandiza kwambiri, chifukwa lilibe mutu kapena miyendo, ndipo mungalidule mbali iliyonse. Mawu akuti `evenly spaced` ndi `all similar size` akuletsa kuti masamba athithikane pena, pena pakhale dazi.

Mzere wachitatu ndi wachinayi ndiyo imateteza kwambiri ku msoko. `flat vector style` ndi chojambula cha mitundu yosalala, chopanda mithunzi. `solid cream background` ndi pansi pa mtundu umodzi kuyambira kona ina mpaka inzake. Pansi pa mtundu umodzi sipangaonetse malire a matailosi, komanso ndi posavuta kukonza, popeza mungafute tsamba lolakwika pongopakapo mtundu womwewo. Mitundu itatu imathandizanso kuti anthu azizindikira katundu wanu ali patali. Zimene zili pambuyo pa `--no` ndi zimene simukuzifuna: zilembo, mthunzi, mtundu wosintha pang'onopang'ono, chimango cha m'mbali, ndi mdima wa m'makona. Kalembedwe ka `--tile`, `--ar` ndi `--no` ndi ka Midjourney. Mu Stable Diffusion mawu okanawo mumawalemba m'bokosi la `Negative prompt`.

Dzina la bizinesi musalipemphe kwa pulogalamu. Zilembo zimatuluka zopotoka kapena zoperewera, makamaka m'dizaini yobwereza, ndipo chilembo choduka pamsoko sichibisika. Dzinalo mudzaliika nokha. Musatchulenso dzina la kampani ina kapena kupempha kuti dizaini ifanane ndi chitenje chodziwika, chifukwa mwini wake angakuimbeni mlandu, komanso ogula angasokoneze katundu wanu ndi wa eni.

Zithunzi zikatuluka ndipo sizinakukhutiritseni, sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Masamba akakula, lembani `tiny` m'malo mwa `small`, zina zonse zikhale momwemo. Mukasintha zinthu zinayi nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza, ndipo bandulo idzangothera pomwepo. Malangizo amene agwira ntchito alembeni m'kope.

Kuyesa koyamba: kubweretsa mphepete pakati

Sungani chithunzi chimene mwasankha ngati fayilo ya `PNG`, ndipo musachijambule pa sikirini ya foni, chifukwa kutero kumadula kapena kuwonjezera timadontho m'mbali. Chitseguleni mu GIMP, pulogalamu yaulere ya pakompyuta. Pitani pa `Layer > Transform > Offset`, dinani batani lolembedwa `By width/2, height/2`, ndipo onetsetsani kuti pasankhidwa `Wrap around`. Ngati mulibe GIMP, Photopea imagwira ntchito pa intaneti popanda kuiika m'kompyuta, ndipo mumapita pa `Filter > Other > Offset` n'kulemba 512 chopingasa ndi 512 chotsika.

Chithunzicho chasunthidwa ndi theka, ndipo mphepete zonse zinayi tsopano zakumana pakati, mopanga mtanda. Kulitsani chithunzi pa sikirini, mutsate mtandawo ndi diso kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Ngati simukutha kuloza pamene mtanda wadutsa, tailosi yapambana. Mukaona tsamba limene theka lake lakwera pang'ono kuposa linzake, kapena kamtengo kothera m'malere, mphepete sizinagwirizane. Mukaona mzere wowongoka umene mbali ina ndi yoderako, ndiye kuti pansi sipali pa mtundu umodzi.

Kuyesa kwachiwiri: kuyala n'kuima patali

Tailosi ingapambane kuyesa koyamba koma n'kuonetsabe malire ake. Mu GIMP pitani pa `Filters > Map > Tile`, mulembe 4096 m'litali ndi m'lifupi, kuti matailosi ayalidwe anayi chopingasa ndi anayi chotsika. Chepetsani chithunzi pa sikirini, imani masitepe atatu kumbuyo, mutsinzine pang'ono.

Tiyerekeze kuti pa tailosi ya banja lathu pali kamphukira kamodzi kobiriwira kwambiri, kokulirapo kuposa tinzake. Pa tailosi imodzi sikavuta. Koma pa matailosi 16 kaoneka ka 16, kondanda m'mizere yowongoka, ndipo aliyense aona mabokosi ngakhale palibe mzere wojambulidwa. Chimodzimodzinso malo adazi: kampata kamodzi kakabwerezedwa kamasanduka kanjira. Masamba angapo oloza mbali imodzi amapanga mizere yopendekera imene simunaipemphe. Zolakwika zitatuzi sizili m'mphepete, zili m'kayalidwe, ndipo zimaoneka pokhapokha mwayala. Itananiko wina wa pakhomo amene sanaone tailosiyo, mumufunse kuti aloze pamene dizaini yayambiranso. Akaloza msanga, ntchito ikadalipo.

Kukonza

Msoko ukakhala waukulu, kapena pansi pakakhala posintha mtundu, bwererani mukajambulitse china. N'kosavuta kusiyana ndi kulimbana nacho. Koma ngati vuto ndi masamba awiri kapena atatu, likonzeni chithunzi chikadali chosunthidwa, mtanda uli pakati. Tengani mtundu wa pansi ndi `Color Picker`, mupake pa tsamba lodukalo mpaka lifafanizike. Kenako koperani tsamba labwino pamalo ena, mulimate pamenepo, mulitembenuze pang'ono kuti lisaoneke kuti ndi lomwe lija. Kamphukira kakakulu kaja kachepetseni kapena muikepo kena, ndipo pa dazi onjezeranipo katsamba.

Pokonza musakhudze mphepete zatsopano, chifukwa zimenezo zikugwirizana kale: zinali pakati pa chithunzi musanachisunthe. Ngati tsamba lofunika kukonza lili m'mphepete penipeni, sunthaninso chithunzi kuti libwere mkati, mulikonzere kumeneko.

Mu GIMP mulinso `Filters > Map > Tile Seamless`, imene imalonjeza kutseka msoko ndi kudina kamodzi. Imachita zimenezi posakaniza mbali za chithunzi, china pamwamba pa chinzake. Pa chithunzi cha mchenga kapena khoma zimayenda, koma pa masamba imasiya mizukwa ya masamba oonekera mkati mwa anzawo. Pa dizaini ngati yathuyi isiyeni.

Chenjeraninso ndi batani lokulitsa chithunzi, lolembedwa `Upscale`. Pokulitsa, pulogalamu imajambulanso tizinthu tina, ndipo kawirikawiri siisamala zoti mphepete zigwirizane. Tailosi imene inali bwino ingatuluke ndi kamzere. Pa chilichonse chimene mwachita pa tailosi, kaya kukulitsa, kudula kapena kusintha mitundu, bwerezani kuyesa koyamba.

Kuika dzina

Pa tailosi ya mapikiseli 1024 imene idzasindikizidwe masentimita 5, sentimita imodzi ndi mapikiseli pafupifupi 205. Dzina la masentimita 2 ndi 1 lifuna malo a mapikiseli 410 ndi 205. Futani kamphukira kamodzi chapakati, kutali ndi mphepete zonse, mulembepo dzinalo ndi zilembo zonenepa, mu mtundu wobiriwira woderawo. Zilembo zopyapyala zimasowa posindikiza. Mukamaliza dinani `Image > Flatten Image` kuti dzina ndi masamba zikhale chinthu chimodzi.

Dzina lidzandanda m'mizere, ndipo zimenezi n'zololeka chifukwa munazifuna. Chongofunika n'chakuti lisalemere kuposa masamba olizungulira. Kumbukiraninso kuti dzina lili ndi mutu ndi miyendo, choncho pepala lanu tsopano lili ndi mbali yoyenera. Kutani sopo mmodzi ndi pepala wamba, muone mbali imene dzina liyenera kuyang'ana, musanakonze fayilo yomaliza.

Kupita kwa osindikiza

Yalani kaye, kuchepetsa kubwere pambuyo. Mukachepetsa tailosi imodzi kenako n'kuiyala, timadontho ta m'mphepete tingasinthe mtundu pang'ono n'kubala timizere topyapyala. Pa A4, yalani matailosi 5 chopingasa ndi 7 chotsika, zomwe ndi mapikiseli 5120 ndi 7168. Pa `Image > Print Size` lembani masentimita 25 ndi 35, kenako mudule chithunzicho pa kukula kumene osindikiza akufuna. Amene amadula okha mapepala kawirikawiri amapempha mamilimita 3 owonjezera mbali iliyonse, kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasatsale mzere woyera. Mapulinta ambiri a m'maofesi safika m'mphepete mwa pepala, ndiye mzere woyerawo mudzaudula ndi sizasi kapena kuubisa popinda.

Fayilo itumizeni pa fulashi, kapena pa WhatsApp ngati `Document`. Mukaitumiza ngati chithunzi wamba imafinyidwa, ndipo masamba ndi zilembo zimatuluka zosokonekera m'mbali. Uzani wosindikiza asankhe `Actual size`, osati `Fit to page`, chifukwa kukula kukasintha kuwerengera kwanu kwa masentimita 5 kwatha ntchito. Sindikizani pepala limodzi lokha poyamba. Liyezeni ndi rula kuchokera pa dzina lina kufika pa linzake, mukutire sopo, muonenso mitundu panja pa dzuwa, poti zobiriwira zowala za pa sikirini zimakonda kutuluka zozimiririka pa pepala. Dontheziraniponso madzi: inki ya mapulinta ena imasungunuka, ndipo ingadetse sopo ndi manja a wogula.

Mukafuna nsalu

Tailosi yomweyo ingagwire ntchito pa epuloni, pa zikwama kapena pa nsalu yoyala pa tebulo la malonda. Nsalu ili ndi ulusi umene umameza tizinthu tating'ono, ndiye osindikiza nsalu pamakina ambiri amalandira timadontho 150 pa inchi. Pa mlingo umenewu tailosi ya 1024 ingafike masentimita 17. Banja lathu lingasankhe masentimita 15, kuti masamba azioneka kwa munthu wodutsa pamsika. Dzina nalo likula katatu, kufika masentimita 6.

Funsani wosindikiza ngati akufuna tailosi imodzi kuti ayale yekha, kapena fayilo yoyalidwa kale. Akamayala yekha, muuzeni kuti ndi `basic repeat`, yoyalidwa molunjika. Kuli kayalidwe kena kotchedwa `half-drop`, kamene mzere wachiwiri uliwonse wa matailosi umatsitsidwa ndi theka. Kamabisa bwino mabokosi, koma kamafuna tailosi yopangidwira kayalidwe kameneko. Yanu yochokera ku `--tile` ikayalidwa motero, masamba onse a m'mbali adzaphonyana. Pemphani kachidutswa koyesera, mukachape ndi sopo, mukayanike, kenako muitanitse mamita amene mukufuna.

Zoyenera kusunga

Sungani tailosi yomaliza ya `PNG` m'malo awiri, monga pa fulashi ndi pa imelo, pamodzi ndi ina yopanda dzina. M'kope lembani malangizo amene munagwiritsa ntchito, kukula kwa tailosi pa pepala ndi pa nsalu, ndipo mumatemo pepala limodzi losindikizidwa bwino loti muzikaonetsa wosindikiza pofananiza mitundu. Malangizo omwewo mukawalembanso mawa adzatulutsa masamba ena, osati omwewa, choncho fayiloyo ikatayika dizaini imene makasitomala anu anaizolowera yapita. Mukayamba kupanga sopo wa mtundu wina, tengani tailosi yopanda dzina ija, musinthe mtundu wa pansi wokha, muiyesenso kawiri konse, ndipo katundu wanu yense adzaoneka kuti ndi wa nyumba imodzi.